Buledi wagulidwa, invoisi ya ufa sinafike: phindu la mwezi ndi zingati?

Tiyerekeze kuti lero ndi pa 30 Juni madzulo, ndipo tili mu kaofesi kakang'ono kuseri kwa bekale ina ku Limbe. Fungo la buledi likulowera pazenera. Mwini bekale wakhala pampando, maso ali pa kompyuta, nkhope yawala. Mwezi uno agulitsa buledi ndi masikono a K48,000,000. Ndalama zonse zimene zalembedwa m'mabuku kuti zagwiritsidwa ntchito ndi K39,500,000. Masamu ake ndi osavuta: phindu ndi K8,500,000. Mwiniyo wayamba kale kuganiza za kagalimoto kena kamene anakaona pamsika wa magalimoto, koti kazikasiya buledi ku Bangwe ndi ku Ndirande.

Mayi wowerengera ndalama za bekaleyo sakumwetulira nawo. Patebulo pake pali kapepala kamafuta m'mbali kochokera kwa wosunga katundu, kosonyeza kuti pa 24 Juni lole inatsitsa matumba 60 a ufa wa tirigu. Ufawo unakandidwa, unaphikidwa, buledi wake anthu anamwera tiyi kalekale, ndipo ndalama zake zili mu K48,000,000 ija. Koma kampani yogulitsa ufa sinatumizebe invoisi. M'mabuku mulibe ngakhale tambala imodzi ya ufa umenewu.

"Bwana, ndalama imeneyo musaikhudze kaye," akutero mayiyo. "Mwezi sitinatseke."

Mkangano umene ukutsatira umachitika m'maofesi ambiri mwezi ukamatha. Mwini bizinesi amati sangawerengere ngongole imene sanaione papepala. Akauntanti amati ngongoleyo ilipo kale, pepala langochedwa panjira. Pa nkhani iyi wolondola ndi akauntanti, ndipo chifukwa chake mlimi aliyense amachidziwa ngakhale sanatsegulepo buku la maakaunti.

Mlimi akalemba waganyu kuti apalire munda, atapangana mtengo, ndipo waganyuyo wapalira n'kumaliza Lachinayi, ngongole yabadwa Lachinayi lomwelo. Ngati waganyu wapita kumaliro n'kudzabwera patapita sabata ziwiri, mlimi sanganene kuti m'masiku amenewo analibe ngongole. Akawerenga ndalama zimene zili m'thumba lake, amadziwa kuti mwa zimenezo zina n'zamwini. Mlimi wanzeru amazipatula, n'kuzimanga pa kansalu kena. Chimene akauntanti amachita kumapeto kwa mwezi ndi chomwecho, kungoti iye samanga ndalama pansalu, amalemba mizere iwiri m'buku.

Mfundo yake ndi yakuti ndalama imene bizinesi yawononga imalembedwa m'mwezi umene katundu wagwiritsidwa ntchito kapena ntchito yagwiridwa. Tsiku limene invoisi yafika ndi tsiku limene ndalama zatuluka kubanki ndi nkhani zina. Malamulo a maakaunti a padziko lonse otchedwa IFRS, amene makampani a m'Malawi amatsatira motsogozedwa ndi bungwe la akauntanti la ICAM, amafuna kuti malipoti a chuma alembedwe motere. Ngakhale buku la malamulo ofewetsedwa a mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati, limene linatuluka koyamba mu 2009, likunena zomwezo. Bizinesi yongolemba ndalama zikalowa kapena zikatuluka imadziwa zimene zili m'bokosi, koma sidziwa ngati mweziwo yapindula.

Kusaka ngongole zobisala

Mayi uja sakuyambira pa kompyuta. Akuyambira kumosungira katundu. Akutenga buku lolandirira katundu, limene m'maofesi ambiri amangoti GRN, n'kuyamba kufananiza tsamba lililonse la mwezi wa Juni ndi mainvoisi amene alowa kale. Tsamba limene lilibe mnzake ndilo akulifuna. La ufa lapezeka: matumba 60, ndipo pa LPO imene bekale inatumiza poitanitsa ufawo palembedwa K70,000 thumba limodzi. Zonse pamodzi ndi K4,200,000. Apa palibe kulota. Chiwerengero cha matumba chasainidwa ndi wosunga katundu komanso dalaivala wa lole, mtengo unagwirizanidwa kale.

Ntchito zimene sizidutsa kumosungira katundu ndizo zimavuta, chifukwa sizisiya kapepala. Mlonda akachezera usiku wonse pageti palibe amene amalemba GRN. Choncho mayiyo ali ndi mndandanda wake wa zinthu zimene bekale imalipira mwezi ndi mwezi: magetsi, madzi, alonda, intaneti, otaya zinyalala, lendi. Akuyang'ana mzere uliwonse ngati uli ndi kanthu m'mwezi wa Juni. Mzere wa alonda uli mbee. Mgwirizano ndi kampani ya alonda ukunena K600,000 pamwezi, ndipo alonda agwira masiku onse 30. Imeneyonso ndi yosavuta.

Kenako akuimbira foni woyang'anira magalimoto kumufunsa ngati pali ntchito imene yagwiridwa mwezi uno koma pepala lake silinabwere. Poyamba akuti palibe. Atamufunsa za lole imene inagona kugalaja sabata yatha, wakumbukira: inakonzedwa giyabokosi, inatuluka pa 26 Juni, ikuyenda bwinobwino. Makaniko anapereka mtengo wa K900,000 asanayambe ntchito, koma invoisi anati abweretsa akapeza mpata. Ngongole zamtundu uwu ndi zimene zimathawa kawirikawiri. Munthu amene anaitanitsa ntchito amadziwa, wowerengera ndalama sadziwa, ndipo awiriwa amakumana pokhapokha makaniko akabwera kudzakalipa pakhomo.

Chatsala ndi magetsi. Nyumba zambiri masiku ano zimagula mayunitsi zisanagwiritse ntchito, koma bekale iyi, monga mafakitale ambiri, imagwiritsa ntchito kaye n'kudzalandira bilu ya ESCOM pambuyo. Bilu ya Juni idzafika mu Julayi. Apa ndiye pofunika kuyerekeza, koma kuyerekeza kwake kukhale ndi pogwira. Bilu ya Epulo inali K1,150,000, ya Meyi K1,250,000. Wina akhoza kungotenga pakati pake, K1,200,000. Mayiyu wapita pamita n'kulemba manambala, waona kuti mayunitsi a mwezi uno aposa a Meyi pang'ono, popeza kukamazizira anthu amamwa tiyi kwambiri ndipo mauvuni anayaka nthawi yaitali. Wachulukitsa mayunitsiwo ndi mtengo wa pa bilu yapitayo, wawonjezera zolipira zina zimene zimakhala pabilu mwezi uliwonse, wapeza pafupifupi K1,300,000. Kapepala kamasamuwo wakaphatika kumbuyo kwa chikalata cholembera, kuti aliyense wodzafunsa adzaone pamene nambalayo inachokera.

Ufa, alonda, galaja ndi magetsi zakwana K7,000,000. Phindu lenileni la Juni ndi K1,500,000. Kagalimoto ka ku Bangwe kayembekeze kaye.

Mizere iwiri

Kalembedwe ka maakaunti kamene dziko lonse limagwiritsa ntchito, kamene Luca Pacioli anakafotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494, kamafuna kuti chilichonse chilembedwe mbali ziwiri. Mbali imodzi imatchedwa debiti, inayo kirediti, ndipo ziwirizi ziyenera kufanana. Pa nkhani yathuyi, debiti imapita ku akaunti ya chinthu chimene chagwiritsidwa ntchito, monga magetsi. Zikatero ndalama zowonongedwa m'mweziwo zimakwera ndipo phindu limatsika. Kirediti imapita ku akaunti yapadera yosungiramo ngongole zimene invoisi yake sinafike. M'mapulogalamu a maakaunti monga Sage ndi QuickBooks akauntiyi nthawi zambiri imaoneka ndi dzina loti `Accrued Expenses` kapena `Accruals`. Pa magetsi aja, mayiyo akulemba chonchi:

```
30/06  Dr  Electricity        1,300,000
       Cr  Accrued Expenses   1,300,000
```

Palibe ndalama imene yatuluka kubanki. Chimene chasintha n'chakuti lipoti la phindu la Juni tsopano lanyamula magetsi a Juni, ndipo lipoti losonyeza katundu ndi ngongole za bekale likuvomereza kuti pali K1,300,000 yamwini imene iyenera kulipidwa posachedwa.

Ongoyamba kumene ntchito amafunsa chifukwa chake osangolemba ngongoleyo mu akaunti ya kampani yogulitsayo, momwe mainvoisi ake onse amalowa. Yankho lake ndi lakuti akaunti imeneyo ndi yolipirira. Mzere uliwonse mmenemo uyenera kukhala ndi nambala ya invoisi, ndipo kumapeto kwa mwezi akauntiyo imafananizidwa ndi sitetimenti yochokera kwa wogulitsa. Mukalowetsamo nambala yongoyerekeza, mabuku anu ndi ake sagwirizananso. Choopsa koposa n'chakuti wokonza malipiro, poona ngongole mu akauntiyo, akhoza kulipira, kenako invoisi yeniyeni ikafika n'kulipiranso. Akaunti yapadera ija ili ngati khola lodikirira: ngongole imakhalamo kwa masiku ochepa mpaka pepala lake litabwera.

Pa ufa pali kanthu kena kofunika kukaunika. Tanena kuti matumba onse 60 anaphikidwa. Nanga akanatsala 15 m'nyumba yosungira? Ngongole ikanakhalabe K4,200,000, chifukwa matumba onse analandiridwa. Koma ndalama yowonongedwa mu Juni ikanakhala ya matumba 45 okha, K3,150,000, ndipo K1,050,000 yotsalayo ikanalembedwa ngati katundu amene bekale ili naye. Cholakwika chofala n'chakuti owerenga katundu pa 30 Juni amawerenga matumba 15 aja, popeza akuwaona ndi maso, pomwe m'mabuku simunalembedwe kuti anagulidwa. Zikatero bekale imaoneka ngati yatola ufa panjira, ndipo phindu limafufuma ndi ndalama zonse za lole ija.

Pamene ambiri amapunthwa

Kulemba pa 30 Juni si kovuta. Ngozi ili mu Julayi.

Pa 12 Julayi bilu ya ESCOM yafika, ndipo ikuti K1,360,000. Kalaliki wolowetsa mabilu sakudziwa zimene mayi uja analemba pa 30. Iye akuchita ntchito yake monga mwa masiku onse: debiti ku magetsi, kirediti ku akaunti ya ESCOM. Ngati palibe china chimene chachitika, magetsi a Juni alembedwa kawiri, K1,300,000 mu Juni ndi K1,360,000 mu Julayi, ndipo m'khola lodikirira muja mwatsala ngongole imene palibe adzabwere kudzaitenga.

Mankhwala ake ndi kutembenuza. Pa tsiku loyamba la mwezi watsopano, mizere iwiri ija imalembedwanso chozondoka:

```
01/07  Dr  Accrued Expenses   1,300,000
       Cr  Electricity        1,300,000
```

Khola lodikirira latsala lopanda kanthu. Akaunti ya magetsi ya Julayi yayamba ili pansi pa ziro ndi K1,300,000, ndipo munthu wosadziwa akaiona pa 5 Julayi akhoza kudabwa kuti ESCOM yayamba liti kulipira makasitomala. Kudabwitsako ndi kwa masiku ochepa. Bilu ya K1,360,000 ikalowa pa 12, ziwirizi zimadyana, n'kutsala K60,000 yokha. Imeneyi ndi ndalama imene kuyerekeza kwa mayi uja kunaperewera, ndipo imagwera mu Julayi. Juni satsegulidwanso. Malamulo a maakaunti amavomereza zimenezi: ngati nambala inayerekezedwa moona mtima ndi zimene zinkadziwika pa nthawiyo, kusiyana kwake kumakonzedwa m'nyengo imene choonadi chadziwika. Pa 31 Julayi mayiyo adzapitanso pamita, adzalembanso magetsi a Julayi, ndipo gudumu lidzapitirira kuzungulira.

Mapulogalamu ambiri ali ndi pochonga kuti mizereyo idzitembenuze yokha mwezi ukayamba. N'zothandiza, koma zili ndi msampha wake. Makaniko uja akapanda kubweretsa invoisi mu Julayi monse, K900,000 ija idzakhala itatembenuzidwa pa 1 Julayi popanda choidya. Julayi adzaoneka ngati wapindula K900,000 yoposera, ndipo ngongole idzasowa m'mabuku pomwe makaniko akadali ndi giyabokosi yake pamtima. Choncho pa 31 Julayi iyenera kulembedwanso, ndipo mwezi uliwonse chimodzimodzi mpaka pepala litafika. Maofesi ena safuna kutembenuza konse. Iwo amasiya ngongoleyo m'khola, ndipo invoisi ikafika amaiponya molunjika ku akaunti ya kholalo m'malo mwa ku magetsi. Njirayi imagwiranso ntchito, bola wolowetsa mainvoisi adziwe kuti ndi ati amene analembedwa kale. Chosayenera ndi kusakaniza njira ziwirizi mu ofesi imodzi, wina akutembenuza, wina ayi.

Ndi bwino kuonanso zimene zikanachitika bekaleyi ikanangodikira mapepala. Juni akanaonetsa phindu la K8,500,000. Tinene kuti mapepala onse anayi afika mu Julayi, ndipo Julayi mwa iye yekha wapindula K2,000,000. Akasenzetsedwa katundu wa Juni wa pafupifupi K7,000,000, akanaonetsa kuluza K5,000,000. Mwini bekale akanayamba kukayikira ophika kuti akuba ufa, kapena kuganiza zokweza mtengo wa buledi, pomwe miyezi iwiriyo inayenda pafupifupi mofanana. Ndipo ndalama zolipirira ufa zikanakhala zitapita kale ku kagalimoto.

Zimene siziyenera kulowa m'kholamo

Funso limene limalekanitsa ndi limodzi: pofika tsiku lomaliza la mwezi, kodi katunduyo walandiridwa, kapena ntchitoyo yagwiridwa? Bekale yaitanitsa uvuni watsopano pa 20 Juni, LPO yasainidwa, koma uvuniwo udakali kwa wogulitsa. Palibe cholemba. Kuitanitsa si kulandira. Wopenta wapatsidwa ntchito ya K2,000,000 yopenta nyumba yonse, ndipo pofika pa 30 wamaliza theka. Cholembedwa ndi K1,000,000, ndipo wina woyang'anira ntchitoyo asainire kuti thekalo lathadi. Inshulansi ya chaka chonse imene yalipidwa mu Juni ndi nkhani yotembenuka: pamenepo ndalama zatsogola, ntchito ikubwera m'mbuyo, ndipo ili ndi akaunti yakeyake.

Mabungwe oyendera thandizo la anthu akufuna kwabwino amayesedwa kwambiri pamenepa. Pulojekiti ikutha pa 30 Juni, mu bajeti mwatsala ndalama, ndipo palibe amene akufuna kuzibweza. Wina amati tilembe ngati ngongole maphunziro amene tidzachititse mu Ogasiti. Imeneyo si ngongole, ndi cholinga chabe, ndipo maodita akaipeza amaikana.

Palinso malire a kuchepa. Palibe akauntanti wanzeru amene angachedwetse kutseka mwezi chifukwa cha lisiti ya K8,000 ya sopo. Maofesi ambiri amaika muyeso wawo, mwachitsanzo kuti chilichonse chosafika K50,000 chidikire invoisi yake. Muyesowo umadalira kukula kwa bizinesi, ndipo chofunika n'chakuti usamasinthe malinga ndi mmene phindu likuonekera mweziwo.

Msonkho wa VAT nawo usalowe mwachisawawa. Bizinesi imene ili ndi ufulu woitanitsa VAT imene yalipira pogula zinthu imalemba ngongole yoyerekezayo popanda msonkhowo, chifukwa ku MRA munthu saitanitsa VAT ndi nambala ya m'mutu. Pamafunika invoisi yeniyeni yamsonkho. Ikafika, m'pamene gawo la VAT limalembedwa m'malo mwake. Koma kwa bizinesi imene singabwezeredwe msonkhowo, VAT ndi mbali ya mtengo, ndipo poyerekeza iyenera kuwerengedwa pamodzi. Oiwala zimenezi amadabwa mwezi ndi mwezi kuti n'chifukwa chiyani kuyerekeza kwawo kumaperewera ndi gawo lofanana nthawi zonse.

Ngongole ya m'madola ili ndi mano akeake, ndipo amalonda a m'Malawi anawamva mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tinene kuti bekale inalandira zipangizo za uvuni za madola 2,000 mu Okutobala chaka chimenecho, invoisi isanafike. Pa 31 Okutobala ngongoleyo inali K2,360,000. Pa 30 Novembala, ngati inali isanalipidwe, inali K3,400,000. Zipangizo n'zomwezo, madola ndi omwewo, koma K1,040,000 yawonjezereka, ndipo iyenera kulembedwa mu Novembala ngati kuluza kobwera chifukwa cha kusintha kwa mphamvu ya ndalama. Amene anangosiya nambala yakale m'khola anadzaiona mbama yake pa tsiku lolipira.

Mmene bodza limaonekera

Popeza mizere iwiriyi imalembedwa popanda invoisi, ndi khomo losavuta kulowerapo kwa munthu wofuna kukongoletsa manambala. Woyang'anira amene akufuna bonasi, kapena kampani imene ikufuna ngongole kubanki, ikhoza kungokhala chete pa ngongole zina mpaka mwezi kapena chaka chitadutsa. Si zochitika m'mabizinesi ang'onoang'ono okha. Mu Seputembala 2014, Tesco, kampani yaikulu ya masitolo ku Britain, inalengeza kuti phindu limene inauza anthu kuti ikuyembekezera pa theka la chaka linali lokokomezedwa ndi mapaundi pafupifupi 250 miliyoni, ndipo kafukufuku atachitika nambalayo inakwera kufika 263 miliyoni. Kampaniyo inati gwero lake linali kufulumira kulemba ndalama zochokera kwa oigulitsa katundu, komanso kuchedwetsa kulemba ndalama zimene inali itawononga kale. Mu 2017 inavomera kulipira chindapusa cha mapaundi 129 miliyoni.

Bodza lina limayenda chobwerera. Chaka chikayenda bwino kwambiri, ena amalemba ngongole zoyerekeza zonenepa kuposa zenizeni, kuti phindu lioneke lochepa, msonkho uchepe, ndipo chaka cha njala adzazimasule pang'onopang'ono kuti zioneke ngati zinthu zili bwino. Nkhokwe yobisika yotereyi ndi yolakwika mofanana ndi kubisa ngongole.

Maodita ali ndi njira yawo yosakira, ndipo mwini bizinesi aliyense akhoza kuibwereka. Amatenga sitetimenti ya kubanki ya milungu yotsatira tsiku lotseka, pamodzi ndi mainvoisi onse amene afika m'milunguyo, n'kufunsa pa chilichonse kuti katunduyu anabwera liti, ntchitoyi inagwiridwa liti. Invoisi yolembedwa pa 9 Julayi koma yonena za ufa wa pa 24 Juni ndi ya Juni. Akaipeza, amayang'ana ngati inali m'khola. Amapemphanso masitetimenti kwa ogulitsa akuluakulu, n'kuona ngati muli mainvoisi amene wogulitsa akuti anatumiza koma sanalowe m'mabuku. Pamapeto a chaka kusakaku kumapita patali, chifukwa mabuku amakhala otsegula kwa milungu kapena miyezi. Bilu imene yafika mabuku asanasainidwe, yonena za chaka chimene chatha, imagwiritsidwa ntchito kukonza nambala yoyerekeza ija kuti ikhale yeniyeni.

Ngakhale wosaphunzira maakaunti akhoza kuona zizindikiro akaika malipoti a miyezi ingapo pamodzi. Mzere wa magetsi ukakhala wopanda kanthu mwezi uno n'kukhala wowirikiza mwezi wamawa, ndiye kuti palibe amene akulemba ngongole zodikira invoisi. Mzere ukatsala pansi pa ziro mwezi utatha, wina anatembenuza koma invoisi sinabwere, ndipo anaiwala kulembanso. Akaunti ya khola ija ikamangokula mwezi ndi mwezi pomwe bizinesi sikukula, ngongole zikulowa koma sizikutuluka, kutanthauza kuti ndalama zina zikulembedwa kawiri. Ndipo ikadzaza ndi manambala ozungulira bwino, K500,000 apa, K1,000,000 apo, opanda kapepala kumbuyo, pafunika kufunsa amene anawalemba.

N'chifukwa chake mayi wa kubekale uja amasunga mndandanda umodzi umene amautsegula mwezi uliwonse. Mzere uliwonse uli ndi dzina la wogulitsa, chimene anapereka, tsiku limene chinalandiridwa, ndalama, pamene nambalayo yachokera, ndi malo olembapo tsiku limene invoisi yafika. Ndalama zonse za pamndandandawo ziyenera kufanana ndendende ndi zimene zili mu akaunti ya khola. Mzere ukakhala miyezi itatu osatsekedwa, samangoufufuta. Amayamba wafufuza: mwina invoisi inafika n'kulowa mu akaunti ina, mwina ili m'diroo ya woyang'anira magalimoto, mwina wogulitsayo anaiwaladi. Kuiwala kwa wogulitsa sikuthetsa ngongole. Paja akuluakulu amati mlandu suola.

Pofika pa 31 Julayi, mizere itatu mwa inayi ija yatsekedwa. Invoisi ya ufa inafika pa 9, K4,200,000 ndendende. Ya alonda inafika pa 4. Ya ESCOM inasiya K60,000 yake mu Julayi. Ya makaniko sinaoneke. Mayiyo walembanso K900,000 m'khola, wachonga pamndandanda kuti uwu ndi mwezi wachiwiri, ndipo watuma woyang'anira magalimoto kuti mawa popita ku Ndirande adzere kugalaja akaitenge pamanja.